Dzina lolowera losaulula ngati ndinu mwamuna kapena mkazi

*Ndimakhala ku Mzuzu. Ndimagwira maganyu omasulira zolemba pa intaneti, komanso ndikuphunzira kumanga mawebusayiti. M'magulu a ntchito a pa Slack, Discord ndi GitHub sindifuna kuti anthu adziwe ngati ndine mwamuna kapena mkazi, ndikufuna aziona ntchito yanga basi. Ndisankhe dzina lotani loti lisandiulule, koma makasitomala asandikayikire?*

Zimenezi ndi zotheka, ndipo dzinalo mungalipeze madzulo amodzi. Koma ndikuuzeni pachiyambi pomwe kuti anthu ambiri saululidwa ndi dzina lolowera. Amaululidwa ndi mayina ena amene amayenda limodzi nalo, monga dzina la pa imelo, dzina lomwe kompyuta imadinda pa fayilo, ndi dzina lotuluka pa foni munthu akamakutumizirani ndalama. Choncho tisankha dzina, kenako tiyendera malo amenewa.

Pa akaunti iliyonse ya ntchito pamakhala mayina atatu. Loyamba ndi lolowera, lija limayamba ndi @, lomwe limaonekanso pa adiresi ya tsamba lanu. Lachiwiri ndi loonekera, lomwe anzanu amaliwerenga pamwamba pa uthenga wanu. Pa Slack ndi pa Discord limatchedwa `Display name`, pa GitHub amangolemba `Name`. Lachitatu ndi dzina la pa chitupa, lomwe kampani yolipira imafuna isanatulutse ndalama. Awiri oyambawo mumasankha nokha. Lachitatu simungalisinthe, ndipo musayese kunamapo, chifukwa akaunti ikapezeka kuti dzina lake silikugwirizana ndi chitupa imatsekedwa, nthawi zina ndalama zanu zili momwemo. Ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti dzina lachitatuli likudziwika ndi okhawo oyenera kulidziwa, osati gulu lonse.

Ife Amalawi tili ndi mwayi pa nkhaniyi, chifukwa mayina athu ambiri amapatsidwa kwa ana aamuna ndi aakazi omwe. Chikondi, Chisomo, Mphatso, Chimwemwe, Thokozani, Madalitso, ndipo kuno kumpoto Lusungu, Wongani, Tawonga, Vitumbiko, Chawanangwa. Ngati limodzi la mayina anu enieni lili m'gulu limeneli, ngakhale litakhala lachiwiri lomwe amakuitanani agogo okha, ligwiritseni ntchito ngati dzina loonekera. Limamveka kuti ndi la munthu, simunaname, ndipo tsiku losainirana mgwirizano kasitomala adzalipeza pa chitupa chanu. Muzingodziwa kuti ena mwa mayinawa amapendekera mbali imodzi m'makutu a Amalawi. Munthu akamva Kondwani kapena Limbani, kawirikawiri amaganiza za mwamuna. Azungu ndi anthu a mayiko ena ali ndi kaganizidwe kawo: ambiri akaona dzina lothera ndi "a", monga Tawonga kapena Temwa, amaliyesa la mkazi chifukwa ndi mmene mayina a kwawo amakhalira. Kuganiza kwawoko si vuto lanu. Cholinga si kuletsa anthu kuganiza, koma kuti asakhale ndi pogwira.

Ngati dzina lanu loyamba ndi lija loti aliyense akalimva wadziwa kale, tengani chilembo chake choyamba ndi dzina la makolo. Pamenepa chenjerani ndi timawu ta ulemu timene timatiika kutsogolo kwa chiwongo. Nya wa Chitumbuka, monga mu NyaGondwe kapena NyaMhango, ndi Na wa Chichewa, monga mu Nabanda kapena Naphiri, amanena poyera kuti mwini dzina ndi mkazi. Kasitomala wa ku Canada sangazindikire, koma Mmalawi aliyense wa m'gululo wazindikira, ndipo akangokulonjerani kuti "mama" pagulu, chinsinsi chatha. Chimodzimodzinso mayina otchulira mwana, monga bambo a uje kapena make uje, ndi mayina a pamacheza monga njonda, dona, chemwali, ankolo kapena mfumukazi. Amenewa asiyeni ku WhatsApp ya pachibale.

Njira yachitatu, yomwe ine ndimaikonda pa dzina lolowera, ndi kutenga dzina la chinthu, malo kapena ntchito m'malo mwa la munthu. Mawu ngati nkhungu, mkungudza, khofi, Viphya kapena Lunyangwa sanena chilichonse za thupi lanu. Apa samalani pawiri. Malo akhale aakulu, chifukwa Viphya ndi dera lalikulu la mapiri, pomwe Chibavi kapena Zolozolo ndi malo oti omasulira zolemba pa intaneti okhala kumeneko angawerengeke ndi zala za dzanja limodzi. Komanso pewani mawu amene anthu anawagawira kale mbali: duwa, nyenyezi ndi gulugufe amawakankhira kwa akazi, pomwe mkango, chitsulo ndi mfuti amawakankhira kwa amuna.

Tiyeni tiyerekeze munthu wa chiwongo cha Mhango, wobadwa mu 1998, amene wakhala akulowa paliponse ndi `nyamhango98`. Dzina limeneli likuulula zinthu zitatu nthawi imodzi: kuti ndi mkazi, kuti ndi wa banja liti, ndi zaka zake. Ayambe ndi kuchotsa nambala. Chaka chobadwa sichiulula ngati ndinu mwamuna kapena mkazi, koma chimathandiza munthu wofufuza kulumikiza akaunti ya ntchito ndi ya Facebook, komwe kuli zithunzi za paukwati. Akachotsanso Nya, atsala ndi `mhango`, lomwe mwina wina analitenga kale. Ndiye ali ndi njira ziwiri: kuwonjezera chilembo kuti likhale `wmhango`, kapena kuchoka pa dzina la banja n'kupanga `viphyatext`, kutanthauza wa ku Viphya wogwira ntchito ya zolemba. Ine ndingamulangize kuti lolowera likhale `viphyatext`, loonekera likhale W. Mhango. Lolowera lidzayenda naye m'magulu oonekera kwa aliyense ndipo silisonyeza banja. Loonekera angalisinthe gulu ndi gulu, kuliika pomwe pali makasitomala ofuna kuona dzina la munthu, n'kulisiya pomwe palibe chifukwa.

Mwina mwaona kuti `viphyatext` lilibe kamzere pakati. Ndi dala. Malo alionse ali ndi malamulo ake a zilembo, ndipo amatsutsana. GitHub imalola kamzere kapakati (-) koma osati kapansi (_), ndipo dzina limafika zilembo 39. Discord, chisinthireni kachitidwe kake mu 2023, imalola zilembo zing'onozing'ono, manambala, kadontho ndi kamzere kapansi, koma osati kapakati. Telegram imafuna zilembo zosachepera 5, Gmail zosachepera 6, pomwe X siilola kupitirira 15. Mukafuna dzina limodzi lolowa ponseponse, likhale la zilembo 6 mpaka 15, zonse zing'onozing'ono, lopanda kamzere kapena kadontho. Zilembo zathu zina sizilowa: mawu okhala ndi ng' monga Kaning'ina adzataya kankhodolero, ndipo ŵ adzasanduka w wamba. Onani ngati mawuwo akumvekabe bwino akatero.

Musanalembetse, liyeseni. Lilembeni pa Google m'kati mwa zizindikiro za mawu ogwidwa, muone ngati pali wina amene akuligwiritsa kale ntchito, makamaka wa mbiri yoipa. Lifunseni kwa munthu wolankhula Chitumbuka, wina wa kummwera, ndi wina wakunja ngati mukumudziwa, ndi funso limodzi lokha lakuti "mwini dzina ili ukumuona ngati ndani?" Onse akayankha mbali imodzi mosazengereza, dzinalo lapendekera. Litchuleninso mokweza ngati mukulitchulira munthu pa foni netiweki ikudukaduka. Likafuna kuti muzitchula chilembo chimodzichimodzi kawiri katatu, lidzakutopetsani. Likadutsa mayeso onsewa, litengeni tsiku lomwelo pa malo onse amene mukuganiza kuti mudzagwirako ntchito. Pena dzina lolowera silisinthika mukalembetsa, monga pa Fiverr ndi pa Reddit, ndiye musalembetse mothamanga.

Tsopano tiyendere malo aja amene amaulula munthu. Poyamba ndi imelo. Mukalowa m'gulu la Slack ndi imelo yokhala ndi dzina lanu lonse, oyang'anira gululo amaiona, ndipo m'magulu ambiri imaoneka kwa aliyense wotsegula pulofayilo yanu. Tsegulani imelo yatsopano ya ntchito yokha, ya dzina lomwe mwasankhalo. Potsegula, Google idzakufunsani dzina loyamba ndi lomaliza, ndipo zimene mulembe pamenepo ndi zomwe zidzaonekere kwa wolandira kalata yanu, komanso pa ndemanga iliyonse imene mudzaike mu Google Docs ndi pa msonkhano wa Google Meet. Lembanipo dzina loonekera lija. Pa Slack pomwepo pali mabokosi awiri, `Full name` ndi `Display name`. Ambiri amakonza lachiwiri n'kuiwala loyamba, chonsecho onse awiri amaoneka pa pulofayilo.

Poti ndinu womasulira, fayilo ya Word ndi imene ingakuululeni msanga kuposa china chilichonse. Word imadinda dzina la mwini kompyuta pa fayilo ngati wolemba, ndipo ndemanga iliyonse kapena kusintha kulikonse kochitika `Track Changes` ili yoyatsa kumatuluka ndi dzina limenelo m'mbali mwa tsamba. Kasitomala amatsegula ntchito ya W. Mhango n'kupeza dzina lonse lalembedwa kambirimbiri. Musanayambe ntchito, pitani ku `File`, `Options`, `General`, musinthe `User name` ndi `Initials`. Ngati Word yanu yalowa ndi akaunti ya Microsoft, chongani kabokosi kali pansi pake konena kuti izigwiritsa ntchito mayina amenewa nthawi zonse, apo ayi idzapitiriza kutenga dzina la pa akauntiyo. Fayilo yomwe mwaimaliza kale muiyeretse kudzera ku `File`, `Info`, `Check for Issues`, `Inspect Document`, koma muchonge zokhazo za mwini fayilo, chifukwa chida chomwechi chimatha kufufutanso ndemanga zimene kasitomala akuzifuna. Mukaisandutsa PDF, dzina la wolemba limatha kusamukira momwemo, ndiye tsegulani `Properties` ya PDF-yo muone musanatumize. Ngati munabwereka laputopu ya mnzanu wa ku Luwinga, dzina lodindidwa lidzakhala lake, ndipo limenelo ndi vuto lina.

Ku GitHub nkhani yake ndi yofanana koma yovutirapo, chifukwa zolembedwa kumeneko sizifufutika mosavuta. Nthawi iliyonse mukasunga kusintha kwa khodi ndi `git commit`, dzina ndi imelo zomwe zili pa kompyuta yanu zimalowa m'mbiri ya ntchitoyo, ndipo aliyense wokopera ntchitoyo amatenga ndi mbiri yomwe. Dzina lolowera likhoza kukhala `viphyatext`, koma mbiri n'kumanena zina. Pa GitHub pitani ku `Settings`, `Emails`, muyatse `Keep my email addresses private` ndi `Block command line pushes that expose my email`. Pamenepo adzakupatsani imelo yobisa yokhala ndi nambala yanuyanu. Kenako pa kompyuta lembani izi, kuika nambala yanu m'malo mwa yachitsanzoyi:

```
git config --global user.name "viphyatext"
git config --global user.email "12345678+viphyatext@users.noreply.github.com"
```

Kuti muone mayina amene ali kale m'mbiri ya ntchito yanu, lembani:

```
git log --format="%an <%ae>" | sort -u
```

Dzina lanu lenileni likatuluka pamenepo, dziwani kuti malamulo awiri oyamba aja sakonza zakale, amangokhudza zimene mudzasunge kutsogoloku. Mbiri yakale imatheka kuilembanso, koma ngati ena anaikopera kale, dzinalo latsala kwa iwo. Poti mukuphunzira kumene ndipo ntchito zanu zakale mwina ndi zoyeserera, chapafupi ndi kuzibisa kuti zikhale zanu zokha, n'kuyamba mwatsopano ndi dzina latsopano.

Funso loti musinthe dzina pa akaunti yakale kapena mutsegule ina limadalira gulu. Pa Slack ndi pa Discord, mukasintha dzina, mauthenga anu akale amangotenga dzina latsopanolo, koma anthu amene anakudziwani kale sangaiwale, ndipo mauthenga awo okutchulani kuti `she` kapena `he` amatsala pomwepo. M'magulu amene mwakhalitsamo, kusintha dzina kumangothandiza kwa obwera mtsogolo. Pa GitHub mukasintha, dzina lakale limamasuka ndipo wina akhoza kulitenga. Ngati munalilemba pa kalata zofunsira ntchito, kumbukirani kukonza.

Pa ndalama ndi pomwe mphamvu ya dzina lolowera imathera, ndipo sindikufuna kukunamizani. Kuno kwathu nambala ya foni imalembetsedwa ndi chitupa cha unzika, ndipo munthu akamakutumizirani ndalama pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba amaona dzina lolembetsedwalo. Ku banki n'chimodzimodzi. Choncho kasitomala aliyense wokulipirani mwachindunji adzadziwa dzina lanu. Zimenezi zilandireni, koma zichepetseni: nambala yolipirira muzipereka kwa wolipira yekha, m'uthenga wa awiri, ntchito itagwirizanidwa kale, osati kuiika pa pulofayilo kapena pagulu. Magulu a ntchito a pa WhatsApp ndi ovuta kwambiri pa chifukwa chomwechi, poti mamembala amatha kuona nambala yanu, ndipo wina akhoza kungoyamba kutumiza ndalama pa nambalayo kuti aone dzina, kenako n'kusiya. Pa Telegram nambala imabisika mukalowa ku `Privacy and Security` n'kusankha `Nobody` pa `Phone Number`. Ntchito ikadzakula, kulembetsa dzina la bizinesi ku boma n'kutsegula akaunti ya banki m'dzina limenelo kumathandiza, chifukwa pa invoisi pamaoneka bizinesi osati munthu.

Palinso malo amene malamulo awo salola zimene mukufunazi. Upwork imafuna dzina lenileni ndi chithunzi cha nkhope yanu, ndipo pa pulofayilo imaonetsa dzina loyamba ndi chilembo choyamba cha lomaliza. LinkedIn nayo imafuna dzina lenileni. Kumeneko musalimbane nawo. Chofunika ndi kusalumikiza masamba amenewo ndi dzina lolowera lija: mukaika adiresi ya LinkedIn pa pulofayilo ya GitHub, mwatseka khomo n'kusiya zenera lotsegula. Sankhani kuti ndi makasitomala ati amene mudzawapeze kudzera ku malo ofuna nkhope, ndi magulu ati amene mudzakhalemo ndi dzina lokha. M'magulu otsalawo, pa chithunzi ikani chizindikiro wamba, monga zilembo ziwiri za dzinalo pa mtundu umodzi, ndipo chikhale chomwecho ponseponse kuti anthu akuzolowereni.

Tsiku lina wina adzakufunsani. Ife tikamalankhula timangoti "iye" kapena "iwo" osasiyanitsa, koma m'Chingerezi munthu amakakamizika kusankha akafuna kukutchulani kwa mnzake, n'chifukwa chake amafunsa, ndipo ambiri safunsa ndi mtima woipa. Bokosi la `Pronouns` lomwe lili pa Slack, GitHub ndi Zoom si lokakamiza, mukhoza kulisiya lopanda kanthu. Akafunsa, yankhani mwachidule kuti azingokutchulani dzina kapena azigwiritsa ntchito `they`, kenako bwererani ku nkhani ya ntchito. Simukuyenera kufotokoza chifukwa. Dziwaninso kuti m'magulu a zamakompyuta, munthu wosadziwika ambiri amangomuyesa mwamuna n'kumamulembera kuti `bro` kapena `sir`. Ganizirani pasadakhale ngati mudzawakonza kapena kuwasiya, chifukwa mukamakonza mbali imodzi yokha n'kukhala chete pa inayo, mwayankha funso lija mosadziwa. Chomwe ndikukuletsani ndi kutenga dzina lodziwika bwino la mbali ina kuti akuyeseni chimene simuli. Kusanena ndi ufulu wanu, koma kunamizira kumadzaphulika pa tsiku la mgwirizano, ndipo kasitomala amayamba kukayikira ndi ntchito yomwe.

Nkhawa yanu yoti anthu aziona ntchito osati mwini wake ili ndi maziko. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2017 m'magazini ya sayansi ya PeerJ Computer Science anaunika zopereka za khodi mamiliyoni pa GitHub. Anapeza kuti zopereka za akazi zinkalandiridwa kwambiri kuposa za amuna tikaphatikiza zonse, koma pakati pa anthu achilendo pa ntchitoyo, akazi amene pulofayilo yawo inkaonetsa kuti ndi akazi ankalandiridwa mocheperapo poyerekeza ndi amene sankadziwika. Kafukufukuyu sakutsimikizira kuti dzina lokha ndi limene linkachititsa kusiyanaku, koma akusonyeza kuti zimene mukuganizazi si zongopeka.

Pa zoti makasitomala asakukayikireni, chimene chimawaopsa si kusadziwa ngati ndinu mwamuna kapena mkazi. Chimawaopsa ndi pulofayilo yopanda kanthu, yooneka ngati yatsegulidwa dzulo ndi wakuba. Dzazani zonse zimene sizikuululani. Lembani zilankhulo zomwe mumamasulira ndi mbali yake, mwachitsanzo kuchokera ku Chingerezi kupita ku Chichewa ndi Chitumbuka, mtundu wa zolemba zimene mumazidziwa bwino monga zaumoyo kapena zaulimi, dziko lanu, nthawi yathu ya `UTC+2` ndi maola amene mumayankha mauthenga. Ikaniponso zitsanzo ziwiri kapena zitatu za ntchito zomwe muli ndi chilolezo choziwonetsa. Polemba za inu nokha gwiritsani ntchito "ine" osati kudzitchula ngati munthu wina, chifukwa m'Chingerezi kudzitchula kotero kumakukakamizani kusankha `he` kapena `she`. Maumboni a makasitomala akale muziwawerenga musanawaike, poti kawirikawiri mawu amenewa amabisala momwemo. Mukhoza kupempha mwini umboni kuti aikepo dzina lanu m'malo mwake.

Misonkhano ya mawu ndi ya kanema ilibe mankhwala. Kamera mukhoza kuizimitsa, ndipo poti bandulo ndi yodula komanso magetsi amathimathima, palibe amene angadabwe. Koma mawu anu adzamveka, ndipo anthu adzaganiza zawo. Musagwiritse ntchito zida zosinthira mawu, zimamveka ndipo zimathawitsa kasitomala. M'magulu akuluakulu oonekera kwa aliyense mukhoza kukhala wolemba chabe kwa zaka zambiri popanda wokukakamizani kulankhula. Pa ntchito yolipidwa ya miyezi ingapo, yembekezerani kuti anthu awiri kapena atatu amene mukugwira nawo pafupi adzakudziwani. Auzeni amenewo pachiyambi, m'uthenga wa awiri, kuti pagulu mumafuna kutchulidwa ndi dzina lokha. Pa Zoom, dzina looneka pansi pa kabokosi kanu limachokera ku akaunti yomwe mwalowera, ndiye lionereni ku `Profile` msonkhano usanayambe, makamaka ngati akauntiyo munaitsegula kale ndi imelo yanu yakale.